Kusankha fonti ndi kukula kwa zilembo kuti wa pampando womaliza m'holo awerenge silaidi

Mukakhala kumbuyo pa msonkhano waukulu kuno ku Blantyre, kaya ndi ku COMESA Hall ku Chichiri, ku Robin's Park kapena m'holo ya mpingo wanu ku Ndirande, muziyang'ana manja a anthu. Silaidi ikangosintha, mafoni amakwera m'mwamba. Munthu amajambula, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, kenako n'kuyamba kuwerenga, pomwe wolankhula wapita kale pa mfundo ina. Mukaona zimenezi dziwani kuti zilembo zachepa. Kawirikawiri wokonza masilaidi sanalakwe dala. Anatsata malangizo akuti "zilembo za mapointi 24 ndi zokwana", osadziwa kuti nambala imeneyo payokha sinena kanthu. Mapointi 24 amakwana m'chipinda cha komiti, koma m'holo amathera pakati. Kukula koyenera kumachokera ku miyezo iwiri ya m'holomo, ndipo fonti, womwe ndi mtundu wa zilembo, imabwera pambuyo pake.

Yambani mwayeza holo

Muyezo woyamba ndi mtunda wochokera pa sikirini kukafika pampando womaliza pomwe pakhale munthu. Tepi yoyezera ndiyo yabwino, koma ngati mulibe, werengani matailosi a pansi mutayeza imodzi, kapena yendani mapazi mutadziwa kale kuti phazi lanu limodzi ndi masentimita angati. Yezani mpaka pampando wa pakona, chifukwa ndiwo uli kutali kuposa wa pakati.

Muyezo wachiwiri ndi kutalika kwa chithunzi, kuchokera m'munsi mwake mpaka pamwamba. Apa ndi pomwe ambiri amasokera. Amayeza nsalu ya sikirini, kapena amafunsa woyang'anira holo kuti sikirini yawo ndi yaikulu bwanji. Chofunika si nsalu ayi, koma gawo lomwe silaidi yanu ikudzaza pulojekita ikayaka. Nsalu ikhoza kukhala ya mamita atatu, chithunzi n'kungodzaza awiri chifukwa pulojekita yaikidwa pafupi kwambiri. Choncho yatsani, ikani silaidi yoyera, muyeze kuwalako.

Tiyerekeze msonkhano wa pachaka wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Mpando womaliza uli pa mamita 18. Chithunzi ndi cha mamita 4 m'lifupi ndi mamita 2.25 m'litali. Gawani mtunda ndi kutalika kwa chithunzi: 18 kugawa ndi 2.25, yankho ndi 8. Ndiye kuti munthu wa kumbuyo wakhala pa mtunda wowirikiza kutalika kwa chithunzi ka 8. Isungeni nambala imeneyi, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa iyo.

Chilembo chikhale chachitali bwanji pakhoma

Ku chipatala cha maso, munthu amene amaona bwinobwino amatha kutchula chilembo chotalika mamilimita pafupifupi 9 ataima pa mamita 6. Koma pamenepo ndi pomwe diso lathera mphamvu: chilembo chimodzi, chakuda bii pa pepala loyera, munthu atatsinzina pang'ono n'kumachiyang'anitsitsa. M'holo simuli choncho. Muli agogo omwe magalasi awo ndi akalekale, dzuwa likulowa pa mawindo, ndipo munthu akufunika kuwerenga chiganizo chonse m'kamphindi uku akumvetsera. N'chifukwa chake bungwe la AVIXA, lomwe limaika miyezo pa ntchito za masikirini ndi zokuzira mawu, limagwiritsa ntchito nambala ya 200: mtunda wa munthu wa kumbuyo usapose kutalika kwa chilembo kowirikiza ka 200.

Chilembo chomwe tikuyeza pano ndi chachifupi, monga a, e, m, n, o, chopanda mutu wotuluka m'mwamba kapena mchira wolendewera pansi. Zilembo zimenezi ndi zomwe zimadzaza mawu athu. Taonani liwu lakuti "mamembala": mwa zilembo zisanu ndi zinayi, ziwiri zokha ndi zazitali.

M'holo yathu ija, mamita 18 ndi masentimita 1,800. Kugawa ndi 200, tipeza masentimita 9. Chilembo a chikaonekera pakhoma chiyenera kutalika masentimita 9, pafupifupi m'lifupi mwa chikhatho cha munthu wamkulu. Mukafika m'holo mungathe kupita pa sikirini n'kuika dzanja pa chilembo. Ngati chikhatho chachiphimba n'kutsala malo ambiri, a kumbuyo avutika.

Kuchoka pa masentimita kupita pa mapointi

Pointi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi. Silaidi ya PowerPoint, mukapanda kusintha chilichonse, imatalika mainchi 7.5, omwe ndi mapointi 540. Pulojekita imatenga mapointi 540 amenewa n'kuwatambasula kuti adzaze kutalika kwa chithunzi, komwe kwa ife ndi masentimita 225. Masentimita 9 aja ndi magawo 4 pa 100 alionse a 225, choncho pa silaidi chilembo a chiyenera kutenga magawo 4 pa 100 alionse a 540, omwe ndi mapointi 21.6.

Musathamangire kusankha 22. Nambala yomwe mumasankha pa kompyuta siyeza chilembo a. Imayeza malo onse omwe fonti yasungira mitu ya zilembo monga b ndi l pamodzi ndi michira ya g ndi y. Mu Arial, chilembo chachifupi chimatenga pafupifupi 0.52 ya nambalayo, kungopitirira theka pang'ono. Kuti mupeze mapointi 21.6 a chilembo chachifupi, gawani ndi 0.52, ndipo mupeza 41.5. Pa mndandanda wa PowerPoint pali 40 ndi 44. Nthawi zonse kwerani, musatsike: sankhani 44.

Simufunika kuyenda njira yonseyi tsiku lililonse. Pa silaidi ya PowerPoint ya mapointi 540 yolembedwa mu Arial, masamu onsewa amafupika motere:

```
mapointi = mtunda ÷ kutalika kwa chithunzi × 5.2
18 ÷ 2.25 × 5.2 = 41.6
```

Tsopano tembenuzani masamuwo muone pomwe zilembo zozolowereka zimathera. Mapointi 24 a Arial pa chithunzi chomwechi amapereka chilembo cha masentimita 5.2, chomwe chimawerengeka mosavuta mpaka mamita 10 okha. Mapointi 18, omwe PowerPoint imayambira mukajambula bokosi latsopano la mawu, amathera pa mamita 8 osakwana. Sikuti wa pa mamita 18 saona kanthu. Mnyamata wa maso akuthwa amawerenga ndithu, koma movutikira, ndipo akafika pa silaidi yachisanu amasiya. Amayi ake anasiya pa yoyamba.

Nambala ya 5.2 imasintha mukasintha pulogalamu, chifukwa masilaidi satalika mofanana. Silaidi ya Google Slides imayamba ili ya mapointi 405 m'litali, choncho chulukitsani ndi 3.9. Holo yathu ifuna mapointi 32 pamenepo, ndipo pakhoma adzaoneka pafupifupi ngati 44 a PowerPoint. Mu LibreOffice Impress silaidi imatalika masentimita 15.75, ndipo nambala yake ndi 4.3. Ngati mwalandira fayilo kwa munthu wina, yambani mwaona kukula kwa silaidi: mu PowerPoint pitani pa Design, kenako Slide Size, mu Google Slides pitani pa File, kenako Page setup. Anthu awiri akhoza kukangana tsiku lonse za "mapointi 30" pomwe akunena zinthu ziwiri zosiyana.

Msampha wa sikirini yakale

Maholo ambiri a masukulu ndi mipingo akadali ndi masikirini ndi mapulojekita a 4:3, aja ooneka ngati wailesi yakanema yakale. Koma kuyambira PowerPoint ya 2013, silaidi yatsopano imakhala yotambalala, ya 16:9. Mukaika silaidi yotambalala pa sikirini ya 4:3, imadzaza m'lifupi koma imasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Pa sikirini ya mamita 3 m'lifupi ndi 2.25 m'litali, silaidi yanu imangotalika mamita 1.69. Mwataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa chilembo chilichonse musanayambe n'kulankhula komwe. Masamu aja tsopano akuti 18 kugawa ndi 1.69, kuchulukitsa ndi 5.2, ndipo yankho ndi mapointi 55.

Mankhwala ake ndi osavuta: pa Slide Size sankhani Standard (4:3). Silaidi imakhalabe ya mapointi 540 m'litali, imadzaza sikirini yonse, ndipo 44 aja akwananso. Chomwe mwataya ndi m'lifupi, choncho mizere ikhala yaifupi. Chitani zimenezi musanayambe kulemba, chifukwa mukasintha pomaliza PowerPoint imakufunsani kusankha pakati pa Maximize ndi Ensure Fit, ndipo Ensure Fit imachepetsa zonse zili pa silaidi kuti zikwane.

Tsopano fonti

Mafonti awiri okhala ndi nambala imodzi salingana pakhoma. Chilembo chachifupi cha Verdana ndi cha Tahoma chimatenga pafupifupi 0.55 ya nambala, cha Arial 0.52, cha Calibri 0.47, cha Times New Roman 0.45. M'holo yathu ndiye kuti Verdana ikwana pa 40, Arial pa 44, pomwe Calibri ndi Times New Roman zifuna 48. Calibri ndiyo inali fonti yoyambira ya PowerPoint kwa zaka zambiri kuchokera mu 2007, ndipo pa mapointi 28 omwe bokosi lalikulu la mawu limayambira, imangofika mamita 11 pa chithunzi chathu. Masilaidi ambiri omwe timawaona m'misonkhano amakhala pamenepo, chifukwa palibe anakhudza chilichonse.

Kupatula kutalika, yang'anani makulidwe a mizere yopanga chilembo. Times New Roman ili ndi mizere ina yonenepa, ina yopyapyala ngati ulusi, ndi timapazi ting'onoting'ono kumapeto kwa zilembo. Pa pepala zimakongola. Pa pulojekita yakale ya timadontho 1024 m'lifupi ndi 768 m'litali, kamzere kopyapyalako kamagwera pa kadontho kamodzi kapena tiwiri, kuwala kwa m'holo n'kukameza. Chilembo e chimasanduka c. Vuto lomweli lili ndi mafonti onse okhala ndi liwu lakuti Light kapena Thin m'dzina lawo, monga Calibri Light. Okhala ndi Narrow kapena Condensed amapanikiza zilembo, ndipo patali m, n ndi u zimaphatikana kukhala mpanda umodzi. Mafonti opotana ngati zolemba pamanja asiyireni makadi a ukwati.

Pali mayeso omwe fonti iliyonse iyenera kukhoza isanalembe Chichewa pakhoma. Lembani mzere uwu pa silaidi, mu fonti ndi kukula komwe mukufuna:

```
Ili ndi malilime  ng'oma ngoma  Malaŵi  K1,118,650
```

Chichewa chadzaza ndi i ndi l zotsatizana: ndili, alili, Lilongwe, malilime. Mu Arial, I wamkulu ndi l wamng'ono ndi ndodo ziwiri zofanana, moti "Ili" amaoneka ngati timitengo titatu. Verdana ndi Tahoma zimapatsa I wamkulu timipiringidzo pamwamba ndi pansi, n'chifukwa chake timazikonda pa masilaidi a mayina a anthu, manambala a akaunti ndi zina zomwe munthu sangaziganizire yekha. Chachiwiri ndi kachizindikiro ka mu ng'. Kakazimiririka, ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya kutchire, ndipo wowerenga amakhumudwa pa "pang'ono" aliyense. Kayenera kuoneka ndithu mutaima patali. Chachitatu ndi ŵ, ngati mumamulemba. Mafonti ambiri okongoletsa otengedwa pa intaneti alibe chilembo chimenechi, ndipo kompyuta imabwereka cha fonti ina kapena imaika kabokosi pakati pa dzina la dziko. Chomaliza ndi manambala: 1 asiyane ndi l, 6 asiyane ndi 8, ndipo makoma aoneke. Georgia ndi fonti yabwino, koma manambala ake ena amakwera ena amalendewera, ndipo pa lipoti la ndalama amasokoneza maso.

Ife pa holo yaikulu timasankha Verdana ngati mawu ndi ochepa ndipo manambala ndi ambiri, Arial ngati mizere ndi yaitali, popeza zilembo za Verdana ndi zotambalala. Tahoma ili pakati, koma zilembo zake zimayandikana kwambiri. Zitalikitseni pang'ono posankha Loose pa Character Spacing. Zitatu zonsezi zimapezeka pa Windows ndi pa Mac. Palinso Atkinson Hyperlegible, yomwe bungwe la Braille Institute linakonzera anthu osaona bwino ndipo ndi yaulere. Imasiyanitsa zilembo bwino kwambiri, koma sibwera ndi kompyuta, choncho werengani gawo la fulashi m'munsimu musanaidalire.

Fonti imodzi ndi yokwana pa masilaidi onse. Mutu usiyane ndi mawu ena pa kukula ndi kunenepa: ngati mawu ali pa 44, mutu ukhale pa 54, wonenepa ndi Bold. Osanenepetsa mawu onse, chifukwa Bold imachepetsa timipata ta mkati mwa a ndi e, ndipo zonse zikanenepa palibe chomwe chimaoneka chofunika. Zilembo zopendekera ndi zodula mzere kunsi zisiyeni. Mzerewo umadula michira ya g, y ndi p, zilembo zomwe zili ponseponse m'mawu monga "nyengo" ndi "mpingo". Nanga kulemba chiganizo chonse m'zilembo zikuluzikulu zoyambira mayina? Pa mutu wa mawu awiri kapena atatu palibe vuto. Pa chiganizo, liwu lililonse limasanduka njerwa yofanana ndi inzake, liwu lalitali ngati AKUPEMPHEDWANSO limafuna kuliwerenga chilembo chimodzichimodzi, ndipo malo amatha msanga.

Zomwe zikwane pa silaidi imodzi

Apa ndi pomwe ntchito yeniyeni ili, ndipo ndi pomwe anthu amabwerera m'mbuyo. Silaidi yotambalala ya PowerPoint ili ndi mapointi 960 m'lifupi. Mukasiya malo m'mbali, mumatsala ndi pafupifupi 860. Chilembo cha Arial chimatenga pafupifupi theka la nambala yake m'lifupi, choncho pa 44 mzere umodzi umanyamula zilembo 38 kapena 40, kuwerengera ndi mipata. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye amenewo ndi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi basi. M'litali, mukachotsa mutu ndi kusiya mpata wopumira pakati pa mizere, mumatsala ndi mizere inayi kapena isanu.

Mlembi wa gulu lathu lija walemba kuti: "Mamembala onse akupemphedwa kuti abweze ngongole zawo lisanafike tsiku la 30 Novembala." Ndi zilembo zoposa 80, mizere itatu. Pa silaidi palembedwe kuti: "Bwezani ngongole pofika 30 Novembala." Ndi zilembo 36, mzere umodzi. Ulemu wonse wa "akupemphedwa" sunatayike. Wapampando aunena ndi pakamwa, komwe umamvekera bwino.

Msungichuma ndiye amabwera ndi chovuta kwambiri: tebulo la miyezi 12 ndi mizati inayi, lokopedwa kuchokera mu Excel, manambala ali pa mapointi 12 kapena 14. Tebulo limenelo silingakule mpaka 44, ndipo palibe fonti ingalipulumutse. Ligaweni. Silaidi yoyamba inene zolowa, zotuluka ndi zotsala za chaka chonse, mizere itatu: tiyerekeze K48 miliyoni, K31 miliyoni ndi K17 miliyoni. Lembani "miliyoni" m'mawu m'malo mondandalika maziro asanu ndi limodzi, chifukwa patali palibe angawerenge maziro. Yachiwiri ionetse miyezi iwiri kapena itatu yomwe pali nkhani yofunika kukambirana. Tebulo lonse lisindikizidwe pa pepala, kapena litumizidwe pa gulu la WhatsApp msonkhano usanayambe. Anthu omwe ndalama zawo zikukambidwa ali ndi ufulu woona nambala iliyonse, ndipo kuwalozera tebulo losawerengeka n'kunena kuti "monga mukuoneramu" si kuwaonetsa.

Manambala amatalika kuposa zilembo zazifupi, choncho munthu angaganize zowachepetsa. Musatero. Liwu likazimiririka pang'ono, wowerenga amalidziwa kuchokera ku mawu oyandikana nalo. Nambala ilibe mnzake woithandiza: 6 akaoneka ngati 8, wapita. Chimodzimodzi timawu ta pa tchati, ta m'mbali ndi ta pansi, tomwe pulogalamu imatiika tating'ono kwambiri. Tikulitseni tifike pa muyezo womwewo, ndipo ngati sitikukwana, chepetsani mipiringidzo ya pa tchatipo.

Pa nyimbo za mu mpingo muyezo ndi womwewu, koma dulani mizere pomwe anthu amapumira poimba, osati pomwe bokosi lathera. Mizere iwiri kapena inayi pa silaidi imakwana.

Kumbukiraninso mitu ya anthu. M'holo ya pansi pathyathyathya, ngati m'munsi mwa chithunzi muli pansi pa mamita 1.2 kuchokera pansi, a kumbuyo saona mzere womaliza, ndipo zipewa ndi maduku zimaonjezera. Kwezani chithunzi ngati n'kotheka. Ngati n'kosatheka, siyani gawo la m'munsi la silaidi lopanda mawu ofunika.

Ikani miyezoyo pamalo amodzi, mutseke chochepetsa zilembo

Musasinthe silaidi imodziimodzi. Pitani pa View, kenako Slide Master, musankhe silaidi yaikulu ya pamwamba, muike fonti ndi kukula kwa mutu ndi kwa mawu. Muona kuti bokosi la mawu lili ndi magawo asanu otsikatsika, 28, 24, 20, 18 ndi 18. M'holo yaikulu gwiritsani ntchito gawo loyamba lokha. Ngati masilaidi analembedwa kale mu fonti ina, pa Home pali Replace, ndipo pansi pake pali Replace Fonts, yomwe imasintha fayilo yonse kamodzi.

Kenako tsekani chinthu chomwe chimaononga ntchito yonseyi mwakachetechete. Mukalemba mawu ambiri m'bokosi, PowerPoint imachepetsa zilembo yokha kuti zikwane. Munaika 44, koma pofika mzere wachisanu ndi chiwiri zatsika osakuuzani. Dinani bokosilo ndi batani la kumanja, sankhani Format Shape, kenako Text Options, kenako Text Box, ndipo muchoke pa Shrink text on overflow mupite pa Do not Autofit. Tsopano mawu akachuluka azisefukira kunja kwa bokosi. Zimaoneka zonyansa, ndipo n'zomwe tikufuna, chifukwa zikukuuzani kuti muchotse mawu kapena mutsegule silaidi ina.

Kuwala kwa m'holo

Pulojekita siponya mdima. Chomwe mumachiona chakuda pa sikirini ndi nsalu yomweyo pomwe kuwala kwa pulojekita sikunafike, ndipo chimada molingana ndi mdima wa m'holomo. Masana a Okutobala, mawindo onse ali pululu chifukwa cha kutentha ndipo makatani palibe, chakudacho chimakhala chotuwa. M'holo yotere lembani zilembo zakuda pa silaidi yoyera, kuti pulojekita iponye kuwala kwake konse. Zilembo zoyera pa silaidi yakuda kapena yabuluu wakuda zimagwira usiku, kapena pa sikirini zazikulu zija za timababu zomwe zimawala zokha, pomwe silaidi yoyera imathobwa m'maso. Zilembo zotuwa, zachikasu pa choyera, zofiira pa chobiriwira kapena pa chabuluu, ndi mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi, zonsezi zimaoneka bwino pa laputopu koma zimasungunuka pakhoma. Zimitsani magetsi a pamwamba pa sikirini, a kumbuyo asiyeni.

Fulashi ndi kompyuta ya eni holo

Fonti sikhala m'fayilo pokhapokha mutaiikamo. Mukapita ndi fulashi pa kompyuta yomwe ilibe fonti yanu, imasankha ina yokha, mizere imaduka pena, mawu n'kusefukira. Masiku ano izi zikuchitika kwambiri ndi Aptos, fonti yomwe inalowa m'malo mwa Calibri mu Office yatsopano, chifukwa makompyuta okhala ndi Office yakale alibe. Pa Windows pitani pa File, Options, Save, muchonge Embed fonts in the file. Si fonti iliyonse imalola kunyamulidwa chonchi, choncho sunganinso masilaidiwo ngati PDF, yomwe imasunga maonekedwe momwe alili. Mu Adobe Acrobat Reader, Ctrl+L imadzazitsa sikirini yonse. Mukakhala pa Arial, Verdana kapena Tahoma, vutoli simukumana nalo kawirikawiri.

Yesani kawiri

Kuyesa koyamba ndi kwa kunyumba. Nambala ija ya 8 imagwiranso pa laputopu. Sikirini ya laputopu ya mainchi 15.6 imatalika masentimita pafupifupi 19.4, kuchulukitsa ndi 8, ndi mita imodzi ndi theka kupitirira pang'ono. Dinani F5, mubwerere m'mbuyo mtunda umenewo, ndipo mukuona zomwe wa pampando womaliza adzaone. Popeza laputopu imaonetsa zakuthwa kuposa pulojekita, onjezerani mpaka mamita awiri. Ndi bwino woyesa akhale munthu yemwe sanaonepo masilaidiwo, makamaka wachikulire, chifukwa inu mumawerenga za m'mutu mwanu. Awerenge mokweza. Pomwe wakakamira kapena waweramira kutsogolo, konzani.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa m'holo, pa ola lomwe msonkhano udzachitike, kuti dzuwa likhale pomwe lidzakhale. Ikani silaidi yodzaza kwambiri, mukonze pulojekita mpaka m'mphepete mwa zilembo muthwe, mukakhale pampando wa pakona ya kumbuyo. Mukhale pansi ndithu, osaima, ndipo wina akhale patsogolo panu.

Nthawi zina masamu amakana. Ngati mpando womaliza uli pa mamita 30 ndipo chithunzi ndi chomwechi cha mamita 2.25, nambala ija ikhala 13, ndipo mufuna mapointi pafupifupi 70: mawu atatu pa mzere, mizere itatu pa silaidi. Pamenepo vuto lachoka pa fonti lapita pa holo. Bwezani pulojekita m'mbuyo kuti chithunzi chikule, podziwa kuti chikakula chimazilala. Chikawirikiza kawiri m'litali, kuwala komweko kumamwazika pa malo owirikiza kanayi. Ngati khoma kapena kuwala sikulola, bwerekani sikirini yachiwiri muiike pakati pa holo, muyezenso mtunda kuchokera pa iyo. Ndipo ngati anthu sadzaza holo yonse, chotsani mipando ya kumbuyo anthu asanafike, chifukwa ikakhalapo ndiyo imayamba kudzaza.